Positi Yamalaiki Ambiri Si Imene Yagulitsa Zitenje

Peji ya Facebook imakuuzani zambiri za positi yanu. Imakuuzani anthu amene aiona, amene alaika, amene adina linki. Koma ndalama sizilowera pa Facebook. Kwa ogulitsa ambiri kuno kwathu, munthu amaona katundu pa peji, n'kupita pa WhatsApp kukafunsa mtengo ndi kunenerera, kenako n'kulipira pa Airtel Money, pa Mpamba, ku banki, kapena pamanja katundu atafika. Apa pali malo atatu osiyana, ndipo palibe amene amauza mnzake zimene zachitika. Facebook siidziwa kuti munthu uja wagula, ndipo uthenga wa ndalama umene walowa pa foni sunena positi imene inamukopa. Chingwe cholumikiza malo atatuwa muyenera kuchipota nokha, ndipo muyenera kutero positi isanatuluke. Mukadikira kuti mwezi uthe kenako muzikumbukira, mudzapereka ulemu kwa positi imene inachita phokoso, pomwe ina yachete ndi imene inabweretsa ndalama.

Tiyambe ndi chingwecho. Positi iliyonse yogulitsa ikhale ndi khodi yakeyake, yaifupi, yoti munthu angathe kuitchula pa foni osalakwitsa: chilembo chimodzi ndi nambala, monga Z14 pa positi ya zitenje ya nambala 14. Khodiyi muiike malo awiri. Poyamba, ilembeni pa chithunzi penipenipo, pakona, moonekera. Chifukwa chake n'chakuti makasitomala ambiri sadina linki, amajambula sikirini n'kukutumizirani chithunzicho ndi mawu akuti "ichi chilipo?", ndipo nthawi zina chithunzicho chimakhala chitadutsa m'manja mwa achemwali ake ndi gulu la WhatsApp la kutchalitchi chisanafike kwa inu. Khodi ikakhala pa chithunzi, imayenda nacho kulikonse. Malo achiwiri ndi mu linki ya WhatsApp, imene imatsegula macheza uthenga utalembedwa kale:

```
https://wa.me/265XXXXXXXXX?text=Ndikufuna%20Z14
```

Nambala ilembedwe kuyambira ndi 265, popanda ziro wa kumayambiriro, popanda chizindikiro cha kuphatikiza ndiponso popanda mipata. `%20` imaimira mpata pakati pa mawu. Munthu akadina, amapeza "Ndikufuna Z14" atamulembera kale, iye n'kungotumiza. Ena amafufuta mawuwo n'kulemba "muli bwanji", zimenezo n'zosapeweka. Oterowo mumawafunsa mwaulemu, makamaka mukamaliza kugwirizana za mtengo: "Kodi munationa pati, amayi?" Funsoli musaliike koyambirira, munthu wabwera kudzagula, sanabwere kudzayankha mafunso.

Ngati katundu yemweyo mukumuika malo angapo, khodi isinthe pang'ono: Z14F pa peji, Z14S pa sitetasi ya WhatsApp, Z14G m'magulu ogulitsirana malonda. M'magulu oterowo mukaika positi ndi akaunti yanu wamba simuona chiwerengero cha odina, choncho khodi ndiyo umboni wokhawo umene mungakhale nawo.

Kenako pakufunika kope, kapena Google Sheets kwa amene amaizolowera. Mzere umodzi ndi munthu mmodzi amene watumiza uthenga, osati uthenga umodzi. Wina atha kutumiza mauthenga makumi awiri akunenerera chitenje chimodzi, ameneyo ndi munthu mmodzi basi. Pa mzere wake mulembe tsiku, khodi, ngati ndi watsopano kapena wakale, pamene nkhani yathera, ndalama zimene walipira, ndi chifukwa ngati sanagule. Danga lomalizali anthu amaliiwala, koma ndi limene limaphunzitsa kwambiri. Mawu awiri akukwana: "wadula", "ali kutali", "chatha", "sanayankhenso", "adikira malipiro". Mu WhatsApp Business muli zizindikiro zamitundu zoika pa macheza, monga `New order`, `Pending payment` ndi `Paid`, zimene zimathandiza kuti madzulo polemba m'kope musamafufuze macheza onse.

Pa mawu akuti oda tigwirizane msanga. "Ndisungireni, ndibwera Loweruka" si oda. Oda ndi imene ndalama zake zalowa, kaya zonse kaya dipoziti. Mukamawerengera malonjezo, positi imene imakopa anthu osungitsa katundu osabwera idzaoneka yabwino kuposa mmene ilili.

Tsopano manambala a pa Facebook. Mumawapeza mu Meta Business Suite, pulogalamu yoyendetsera peji, pansi pa `Insights`, kapena podina `See insights` pansi pa positi. Mayina amasinthasintha, ndipo pa mafoni ena mupeza `Viewers` pamene ena akuona `Reach`, koma mfundo ndi imodzi. `Reach` ndi chiwerengero cha maakaunti osiyanasiyana amene positi yawaonekera. `Views` imawerenga nthawi iliyonse imene yaonekera, choncho munthu mmodzi akaiona katatu, zimawerengedwa katatu. Musaphatikize `Reach` ya mapositi asanu n'kumati anthu onsewo ndi osiyana, chifukwa ambiri ndi omwewo. Ndipo kuonekera sikutanthauza kuwerenga: positi imene munthu anangoidutsa ndi chala ali mu minibasi imawerengedwanso.

Pa kudina ndi pamene ambiri amanamizika. `Link clicks` ndi kudina linki. `Clicks (all)`, imene mumaiona mu Ads Manager, malo oyendetsera mapositi olipiridwa, imaphatikiza kudina chithunzi kuti chikule, kudina `See more`, ngakhale kudina dzina la peji. Positi ya zithunzi khumi imakhala ndi kudina kochuluka chifukwa anthu akungotsegula zithunzi. Chimene mukufuna ndi `Link clicks` chokha. Manambala a positi iliyonse muwalembe pa msinkhu wofanana, mwachitsanzo patatha masiku 7 chiitulutsireni, chifukwa kuyerekeza positi ya dzulo ndi ya masabata awiri n'kuyerekeza mwanapiye ndi tambala. Sitetasi ya WhatsApp yokha ndi imene siidikira: imachoka pakatha maola 24, choncho chiwerengero cha oiona muchilembe isanazime. Dziwaninso kuti amene anazimitsa `Read receipts` saoneka pa mndandandawo, ndipo mukazimitsa inu simuona aliyense.

Tiyerekeze ndi mayi wogulitsa zitenje ku Lilongwe, amene amapindula K3,000 pa chitenje chilichonse atachotsa mtengo woodera ndi thiransipoti. Manambalawa ndi ongoyerekeza kuti tione kawerengedwe. Mu sabata imodzi watulutsa mapositi atatu pa peji.

Yoyamba, Z11, ndi kavidiyo koonetsa katundu watsopano akumasulidwa, kali ndi nyimbo yotchuka. Kanafikira maakaunti 9,400 ndipo malaiki anali mbwee. Odina linki anali 38, otumiza uthenga 21, olipira awiri. Yachiwiri, Z12, ndi zithunzi za zitenje zokongola zopanda mtengo, pansi pake palembedwa kuti ofuna mtengo abwere ku inibokosi. Inafikira 1,900, odina 95, otumiza uthenga 58, olipira anayi. Yachitatu, Z14, ndi chithunzi chimodzi cha zitenje zisanu ndi chimodzi, chilichonse ndi nambala yake, mtengo utalembedwa, kutalika kwa nsalu kutatchulidwa, ndi mawu akuti mu mzinda amakaperekera pomwe kunja amatumiza pa basi. Inafikira 1,150 okha, odina 46, otumiza uthenga 17, olipira 9.

Mukayang'ana pa peji, Z11 ndiye mfumu. Mukayang'ana mmene foni inaliralira, mfumu ndi Z12. M'kope, Z14 yokha yabweretsa maoda ochuluka kuposa ziwiri zinazo pamodzi. Koma kudziwa wopambana si kokwanira. Chofunika ndi kupeza pamene anthu akutayikira pa positi iliyonse, chifukwa malo otayikirawo ndi amene amakuuzani choti musinthe. Pali masitepe atatu: kuchoka pa kuona kufika pa kudina, pa kudina kufika pa uthenga, ndi pa uthenga kufika pa ndalama. Gawani nambala ya sitepe iliyonse ndi ya sitepe ya m'mbuyo mwake.

Pa Z11, mwa anthu 1,000 alionse amene anaona, anayi okha ndi amene anadina. Pa Z14 anali 40. Kusiyana kotere kumaloza chimodzi mwa ziwiri: mwina positi yapita kwa anthu olakwika, kapena sinawauze choti achite. Mavidiyo afupiafupi Facebook imawaonetsa kwambiri kwa anthu amene satsata peji yanu, ndiye chifukwa chake amafika kutali, koma kutaliko mungakhale anyamata okonda nyimboyo kapena anthu a kunja kumene simutumizako katundu. Njira yodziwira ndi kuona mu `Insights` kagawidwe ka otsata peji ndi osatsata, ndiponso kuwerenga ndemanga. Ndemanga zikamakamba za nyimbo osati za nsalu, yankho mwalipeza. Kavidiyo kotere sikofunika kukataya. Kamabweretsa anthu atsopano pa peji, ndipo ena a iwo adzagula mwezi wamawa kudzera pa positi ina. Chosintha ndi chakuti mtengo, mzinda ndi khodi zilembedwe pa vidiyo penipeni m'masekondi oyambirira, chifukwa mawu a pansi ambiri sawatsegula.

Z12 ndi yosangalatsa kuifufuza, chifukwa masitepe ake awiri oyamba ndi abwino kuposa ena onse. Anthu 50 pa 1,000 anadina, ndipo oposa theka la odinawo analemba uthenga. Yagwera pa sitepe yomaliza: mwa anthu 58, ogula ndi anayi, kutanthauza mmodzi mwa anthu 14 kapena 15, pomwe pa Z14 oposa pang'ono theka la olemba uthenga anagula. Mukatsegula kope pa danga la chifukwa, mupeza "wadula" ndi "sanayankhenso" zitandandalikana. Anthuwa sanabwere kudzagula, anabwera kudzafunsa mtengo, chinthu chimene positi ikanawauza yokha. Werengerani nthawi: ngati macheza alionse atenga mphindi zisanu, anthu 58 adya pafupifupi maola asanu ndi bandulo yake, kuti papezeke maoda anayi. Choipa china n'chakuti wogula weniweni amene analemba nthawi yomweyo anadikira yankho pa mzere wa ofunsa mitengo, ndipo wogula pa WhatsApp akadikira maola atatu amakhala atapeza kale chitenje kwa wina. Ogulitsa ambiri amabisa mtengo poopa kuti anzawo awatsitsira. Mantha amenewo ndi omveka, koma mnzanu wopikisana naye akafuna mtengo wanu amangotuma mlamu wake kuti afunse. Kubisako kumatopetsa inu nokha.

Sitepe yapakati, ya kudina kufika pa uthenga, imafuna kuimvetsa mwa kwathu kuno. Pa Z14 odina anali 46 koma olemba 17. Sikuti onse 29 otsalawo anasintha maganizo. Anthu ambiri amagula mabandulo a pulogalamu imodzi, wina ali ndi ya Facebook yokha, wina ya WhatsApp yokha. Amene ali ndi ya Facebook yokha akadina linki yopita kunja kwa Facebook, kudinako kumawerengedwa, koma uthenga sungapite. Chimodzimodzi linki yopita ku webusaiti: pa bandulo yotere tsamba silitseguka. Ndiye mukaona odina ambiri koma mauthenga ochepa modabwitsa, musathamangire kusintha chithunzi. Yambani mwayesa linkiyo pa foni ya munthu wina, chifukwa nambala ikalembedwa ndi ziro wa kumayambiriro, linki imatsegula uthenga wonena kuti nambalayo ndi yolakwika, ndipo mwini wake angathe sabata yonse osadziwa. Linki ikakhala bwino, lembani nambala ya foni poyera mu positi ndipo lolani anthu kulemba pa Messenger, kuti amene sangatuluke pa Facebook akhale ndi khomo lina. Mauthenga a pa Messenger ndi mafoni oimba alowenso m'kope lomwelo ndi khodi yawo, apo ayi positi idzaoneka yofooka pomwe anthu angolowera khomo lina.

Sitetasi ndi nkhani ina. Tinene kuti mayi uja anaika Z14S pa sitetasi, anthu 210 anaiona, 14 anayankha, 8 anagula. Manambalawa ndi okoma kwambiri moti munthu angaganize zosiya peji. Koma sitetasi imaonedwa ndi anthu amene anasunga nambala yanu inunso mutasunga yawo, kutanthauza kuti ambiri ndi makasitomala akale kapena amene anafunsapo kale. Apa ndi pamene danga la "watsopano kapena wakale" limagwira ntchito. Mukaona kuti mwa asanu ndi atatuwo, asanu anayamba kulemba masabata apitawo pofunsa mtengo wa pa Z12 kapena ataona kavidiyo, ndiye kuti peji ndi imene inafesa, sitetasi yangokolola. Khodi imakuuzani positi yomaliza imene munthu anaona asanagule, siikuuzani yoyamba. Njira yosavuta ndi kulemba khodi yoyamba pa dzina la munthu posunga nambala yake, kuti akadzagula mudziwe khomo limene analowera. Kwa malonda ang'onoang'ono, kudziwa khodi yoyamba ndi yomaliza n'kokwanira, palibe chifukwa chogawa oda imodzi m'zidutswa.

Amene akulemba mu Google Sheets, khodi ili mu danga B, mathero mu D ndipo ndalama mu E, angawerenge motere:

```
=COUNTIF(B:B,"Z14*")
=COUNTIFS(B:B,"Z14*",D:D,"walipira")
=SUMIFS(E:E,B:B,"Z14*",D:D,"walipira")
```

Mzere woyamba ukupereka anthu onse amene analemba, wachiwiri amene analipira, wachitatu ndalama zonse. Kanyenyezi kakutanthauza kuti makhodi onse oyamba ndi Z14, monga Z14F, Z14S ndi Z14G, awerengedwe pamodzi. Mukakachotsa n'kulemba khodi yonse mumaona malo alionse paokha. Mawu a mu danga D azilembedwa mofanana nthawi zonse, chifukwa "walipira" ndi "analipira" kompyuta imaziona ngati zinthu ziwiri.

Nanga kulipira kuti positi ifike kutali, kumene ambiri amati kubusita? Batani la `Boost post` Facebook imakonda kuliloza pa positi imene ikuchita bwino m'maso mwake, ndiye kuti ya malaiki. Kwa mayi wathu imeneyo ndi Z11, imene inagulitsa ziwiri. Ndalama ziyenera kupita pa positi imene yaonetsa kale kuti imasandutsa mauthenga kukhala maoda, ndipo cholinga chisankhidwe cha mauthenga, osati cha malaiki, chifukwa Facebook imakufunirani anthu amene amakonda kuchita chimene mwapempha. Mukapempha malaiki mudzapeza olaika. Dera likhalenso lokhalo limene mungafikitseko katundu.

Tinene kuti waika K30,000 pa Z14, itapatsidwa khodi yatsopano Z14B kuti maoda olipiridwa asasakanikirane ndi aulere. Facebook ikuonetsa `Messaging conversations started` 40, choncho macheza alionse agula K750. Nambalayi ndi imene anthu amanyadira, koma sitepe idakalipo. M'kope, olipira ndi 8, kutanthauza kuti oda iliyonse yagula K3,750. Ngati aliyense wagula chitenje chimodzi, phindu la K3,000 silikukwanira, ndipo mayiyu wataya K750 pa oda iliyonse ngakhale foni inali yotanganidwa sabata yonse. Ngati aliyense wagula ziwiri, phindu lonse ndi K48,000, kuchotsa K30,000 kwatsala K18,000. Malonda omwewo, mauthenga omwewo, koma chimene chasiyanitsa kuluza ndi kupindula ndi kukula kwa oda. Zikatere chosintha si chithunzi ayi, koma kugulitsa: mtengo wotsikirako pang'ono kwa wogula ziwiri, kapena kuika zitenje ziwiri zogwirizana ngati seti. Powerengera, gwiritsani ntchito ndalama zimene zachokadi ku akaunti yanu ya banki, osati zimene zalembedwa pa sikirini, chifukwa polipira ndi khadi mu ndalama yakunja pamabwera kusintha kwa ndalama ndi zolipira zina za banki. Onaninso kuti pa positi yobusita ogula anali 8 mwa 40, pomwe pa yaulere anali 9 mwa 17. Kutsika kumeneku n'kwachibadwa: anthu osakudziwani amaopa kutumiza ndalama kwa mlendo, popeza ambiri anaberedwapo pa intaneti. Kulola kulipira katundu akafika, kapena kutchula malo odziwika okatengera, kumakweza nambala imeneyi kuposa kusintha mawu alionse.

Chenjezo lalikulu ndi la manambala ochepa. Maoda 9 ndi maoda awiri ndi kusiyana koonekeratu, makamaka pamene ya awiriyo inafikira anthu ochuluka kasanu ndi katatu. Koma maoda anayi ndi atatu si kusiyana konse. Mayi mmodzi wogulira gulu la chinkhoswe atha kutembenuza zonse. N'chifukwa chake ndi bwino kuwerenga anthu olipira padera ndi ndalama padera, ndiponso kuweruza mtundu wa positi osati positi imodzi. Sonkhanitsani mapositi a mwezi wonse m'magulu, a mtengo poyera, opanda mtengo, mavidiyo, zithunzi za makasitomala atavala zosokedwa, kenako yerekezani maguluwo. Mtundu ukapambana katatu kapena kanayi motsatizana, pamenepo mungaukhulupirire.

Kalendala nayo imasokoneza. Positi ya pa 27, anthu atalandira malipiro, idzagulitsa kuposa ya pa 14 ngakhale ikhale yosalongosoka. Januwale, makolo atalipira fizi, si wofanana ndi miyezi yokolola kapena ya maukwati, ndipo sabata yoyandikira Tsiku la Anakubala pa 15 Okutobala zitenje zimayenda mwa zokha. Choncho mukafuna kuyesa ngati kuika mtengo kumathandiza, tulutsani mapositi awiriwo m'sabata imodzi, pa ola lofanana, a katundu wa mtengo wofanana, ndipo kusiyana kukhale kumodzi kokha. Mukasintha chithunzi, mawu, mtengo ndi nthawi pakamodzi, malonda akakwera simudziwa choti mubwereze.

Pali zinanso zimene kope limaulula zomwe si vuto la positi konse. Danga la chifukwa likadzaza ndi "chatha", positi inagwira ntchito yake, chimene chinalephera ndi kuoda: mtundu umenewo unafunika wambiri, ndipo positi ya katundu amene watha iyenera kusinthidwa mawu msanga, makamaka ngati ikudya ndalama. Likadzaza ndi "ali kutali", onani mizinda imene ikubwerezedwa. Anthu asanu a ku Mzuzu m'mwezi umodzi ndi chifukwa chokwanira cholembera mtengo wotumizira kumeneko mu positi momwemo. Ndipo "sanayankhenso" akachuluka pa tsiku limodzi, bwererani ku macheza a tsikulo muone nthawi imene uthenga unafika ndi imene munayankha. Nthawi zambiri mupeza kuti positi inatuluka 7 koloko madzulo, foni inathima chifukwa cha magetsi kapena mwini wake anali kukhitchini, ndipo mayankho anapita m'mawa mwake.

Kwa mayi wathu, mwezi wotsatira ukuoneka chonchi. Mapositi opanda mtengo asiya. Mapositi a mtundu wa Z14 azituluka kawiri pa sabata, pa nthawi imene iye angakhale ndi foni m'manja kwa maola awiri otsatira. Kavidiyo kazituluka kamodzi pa sabata mtengo ndi mzinda zitalembedwa pamwamba, ndipo kaziweruzidwa ndi nambala ya anthu atsopano amene alowa m'kope ndi khodi yake, osati ndi maoda a sabata yomweyo. Kubusita kuyambirenso pa 25, ndi seti ya zitenje ziwiri, ndipo pakatha masiku anayi ayang'ane m'kope: oda imodzi ikamadya ndalama zoposa K6,000, zomwe ndi phindu lonse la setiyo, aimitse.